Bakhodi ikuyamba ndi 401 koma kunsi alemba China, akunama ndani?

"Ndagula ketulo yamagetsi, bakhodi yake ikuyamba ndi 401. Pali meseji ina ikuzungulira m'mafoni yoti 400 mpaka 440 ndi katundu wa ku Germany, 690 mpaka 699 ndi wa ku China. Koma kunsi kwa ketuloyo alemba `Made in China`. Nde andigulitsa feki kapena? Chonde tandimasulireni."

Achimwene mtima m'malo, pa zomwe mwanenazi palibe chosonyeza kuti ketuloyo ndi feki. Zonse ziwiri zitha kukhala zoona nthawi imodzi, 401 ija ikunena zoona ndipo mawu a kunsiwo akunenanso zoona, kungoti akuyankha mafunso awiri osiyana. Manambala atatu oyambirira aja amakuuzani ofesi ya dziko lomwe kampani inakalembetsa n'kupatsidwa manambala ake. Basi. Za fakitale, za komwe anamangira waya ndi kuumba pulasitiki, bakhodi ilibe nazo ntchito ndipo sinapangidwe kuti izinena zimenezo.

Kuti zimveke tiyambe ndi amene amagawa manambalawa. Ndi bungwe lotchedwa GS1, likulu lake lili ku Brussels m'dziko la Belgium. Si boma, si a kasitomu, si oyeza ngati katundu ali bwino, ndi bungwe losapanga phindu lomwe ntchito yake yaikulu ndi kuonetsetsa kuti zinthu ziwiri zosiyana zisapezeke ndi nambala imodzi. Kale anali mabungwe awiri. Ku America kunali la UCC lomwe linkayendetsa bakhodi ya manambala 12, ija inayamba kuwerengedwa m'sitolo pa 26 June 1974 ku Troy m'chigawo cha Ohio, pa paketi ya chingamu. Ku Ulaya anayambitsa lawo la EAN mu 1977 ndi bakhodi ya manambala 13. Awiriwa anadzakhala chimodzi, ndipo mu 2005 anatenga dzina loti GS1.

Tsono vuto lomwe anthuwa ankafuna kuthetsa ndi ili, makampani ndi ankhaninkhani dziko lonse lapansi, ofesi imodzi ya ku Brussels singakwanitse kumalandira fomu ya aliyense, m'chilankhulo chake, ndalama yake, malamulo a kwawo. Nde anati tigawane mulu wa manambalawu. Ofesi ya ku Germany itenge onse oyamba ndi 400 mpaka 440, ya ku France 300 mpaka 379, ya ku Britain 500 mpaka 509, ya ku China 690 mpaka 699, ya ku India 890, choncho choncho. Ofesi iliyonse izigawa kuchokera pa mulu wake okha, isakhudze wa anzake, ndiye kuti olo maofesiwo asaimbirane foni sangapereke nambala imodzi kwa anthu awiri. Cholinga cha manambala atatu aja ndi chimenechi basi, kupewa kugundana. Anthu ndi amene anadzaonamo dzina la dziko n'kuganiza kuti ndi komwe katundu wachokera, ndipo sindiwadzudzula kwambiri chifukwa ukangoona mndandandawo umaonekadi choncho. Koma a GS1 eni ake amanena poyera kuti manambala oyambirirawo sasonyeza dziko lomwe chinthu chapangidwa.

Tiyeni tiiphwanye nambala imodzi muone mkati mwake. Iyi ndi yachitsanzo chabe, si ya ketulo yanu:

```
401 2345 67890 1
```

Pa katundu weniweni imalembedwa mwina, nambala imodzi imakhala payokha kumanzere kenako magulu awiri a manambala 6, chonchi `4 012345 678901`, koma tanthauzo lake ndi momwe ndaiduliramu. 401 ndi ya ofesi ya GS1 ya ku Germany. Mukaphatikiza 401 ndi 2345 mupeza 4012345, imeneyo nde nambala ya kampani, yomwe inapatsidwa italembetsa ndipo imalipira laisensi kuti iziigwiritsa ntchito. 67890 kampaniyo imasankha yokha, kuti iyi ikhale ya ketulo yoyera ya malita 1.7, yotsatira ikhale ya ketulo yakuda, inayo ya ayironi. Safunsa munthu, satumiza fomu yonena kuti tipangira kuti. Ndipo 1 womalizayo ndi wongotsimikizira kuti makina awerenga bwino, ndibwereranso kwa iyeyu.

Utali wa nambala ya kampani umasiyana. Kampani yaikulu yokhala ndi katundu wambirimbiri imatenga nambala yaifupi kuti kutsale malo ambiri, ya manambala 7 ngati iyi imasiya malo 5, kutanthauza zinthu 100,000. Kampani yaing'ono itha kupatsidwa ya manambala 10, kutsala malo awiri okha, zinthu 100. Nchifukwa chake mukangoyang'ana ndi maso simungadziwe pomwe nambala ya kampani yathera. Koma onani, m'manambala 13 onsewa palibe olo malo amodzi osungidwira fakitale. Mulibenso mtengo, mulibe tsiku lopangira, mulibe tsiku lothera ntchito. Mizere yakuda ija ndi manambala omwewo olembedwa mwa njira yoti sikana iwerenge, palibe chinsinsi china chobisika m'menemo. Sikana ikalira kuti pii, yangotenga nambalayo n'kuifunsa kompyuta ya sitolo kuti ichi nchiyani, ndipo dzina ndi mtengo zimachokera mu kompyutamo.

Tsopano lamulo lomwe likufotokoza ketulo yanu. Amene amapereka nambala ku chinthu ndi mwini dzina la katunduyo, amene dzina lake lili pa bokosi ndipo ndi amene analamula kuti chinthucho chikhale chotani. Osati amene wachipanga ndi manja. Nde tiyerekeze kampani ya ku Germany, ili ndi ofesi kumeneko, anthu ojambula mapulani, otsatsa malonda, koma ilibe fakitale ya maketulo. Imapangana ndi fakitale ya ku China kuti mutipangire maketulo mwakuti mwakuti, n'kutumiza pulani pamodzi ndi chithunzi cha bokosi, bakhodi ya 401 ili kale pomwepo. A ku fakitale amangodinda bokosilo momwe alitumiziramo. Ketulo ija itha kutuluka pa doko la ku China n'kupita molunjika kudziko lomwe ikagulitsidwe, osaponda n'komwe ku Germany, koma bakhodi yake ndi 401 yomweyo.

Chaka chamawa kampani ija ikaona kuti ku Vietnam kukutchipa, imasamutsira ntchito kumeneko. Ketulo ndi yomweyo, dzina lomwelo, malita omwewo. Nambala siisintha. Chomwe chisinthe ndi mawu a kunsi aja, tsopano alemba `Made in Vietnam`. Pena zimathekanso kuti mafakitale awiri a m'mayiko awiri akupanga chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndiye pa shelefu imodzi mupeza mabokosi awiri ofanana bakhodi koma osiyana dziko. Si kulakwitsa kumeneko, dongosolo lake ndi lomwelo.

Ndipo apa mpomwe ine ndimati anthu omwe anapanga dongosololi anaganiza bwino. Tangoganizani bakhodi ikanati izisintha fakitale ikasintha. Sitolo iliyonse yogulitsa ketuloyo, malo aliwonse osungira katundu, kampani iliyonse yonyamula, onse akanayenera kumalowetsa nambala yatsopano mu kompyuta, kuika mtengo, kusintha kapepala ka pa shelefu, ndipo owerengera sitoko akanaona ngati ali ndi katundu wa mitundu iwiri pomwe ndi chinthu chimodzi. Kwa wogulitsa funso ndi loti kodi ichi n'chimodzimodzi ndi chomwe ndinagulitsa dzulo, ndiike mtengo womwewo? Nchifukwa chake malamulo a GS1 amafuna nambala yatsopano pomwe chinthucho chasintha mwa njira yoti wogula ndi wogulitsa ayenera kusiyanitsa, monga botolo lomwe linali la mamililita 500 likakhala la 450, kapena dzina la katundu likasintha. Kungosamuka kwa fakitale pakokha nthawi zambiri sikukakamiza zimenezo.

Tiitembenuze nkhaniyi. Fakitale ya ku China ija sikuti ikupangira a ku Germany okha. Pa mzere womwewo wa makina, sabata ino akupanga maketulo a 401, sabata yamawa akupangira supamaketi ina ya ku Britain yomwe imaika dzina lake pa katundu, ndiye mwini dzina ndi supamaketiyo, bakhodi iyamba ndi 50. Sabata inayo akupanga awoawo okhala ndi dzina la fakitaleyo, amenewo nde ayamba ndi 69. Maketulo atatu, denga limodzi, antchito omwewo, mwina ngakhale zitsulo za mkati n'zofanana, koma mabakhodi a mayiko atatu. Munthu wotsatira meseji ija asiya ya 69 n'kunyamula ya 401 akusangalala kuti wazemba China.

Zili ngati nambala ya foni. Munthu akakuimbirani ndi nambala yoyamba ndi +44 mumadziwa kuti laini yake analembetsa ku Britain, koma komwe waima pa nthawiyo simukudziwa, atha kukhala ali paulendo dziko lina lililonse.

Pali umboni wina wosavuta womwe anthu saulabadira. Mayiko padziko lapansi alipo pafupifupi 195 koma maofesi a GS1 angopitirira 110. Nanga mayiko otsalawo sapanga katundu? Amapanga, ndipo makampani awo amakalembetsa ku ofesi ya dziko loyandikana nalo kapena kudzera ku likulu, n'kutenga manambala a kumeneko. Palinso mayiko ogawana mulu umodzi, Belgium ndi Luxembourg onse ali pa 540 mpaka 549, Switzerland ndi Liechtenstein pa 760 mpaka 769, Monaco imadyera limodzi ndi France. Ndiye palinso manambala omwe si a dziko lililonse. Tengani buku lililonse lomwe muli nalo pafupi muyang'ane kumbuyo, liyamba ndi 978 kapena 979, kaya linasindikizidwa kuti. Magazini ambiri amayamba ndi 977. Timapepala tomwe sitolo imadinda yokha ikakupimirani zinthu pa sikelo nthawi zambiri timayamba ndi 2, chifukwa 200 mpaka 299 anasiyira masitolo kuti azigwiritsa ntchito mkati mwawo. Palibe dziko lotchedwa 978.

Kenako pali makampani ogulana. Kampani ya ku Italy itha kugulidwa ndi ya ku America, kapena kusamutsa likulu, koma katundu wake wakale n'kupitiriza kuyenda ndi manambala a ku Italy oyamba ndi 80 omwe masitolo anawazolowera. Kampani zikuluzikulu zimakhala ndi nthambi m'mayiko ambiri ndipo nthambi iliyonse itha kukhala ndi nambala yake. Palinso anthu ogulitsa mabakhodi pa intaneti imodziimodzi, ambiri mwa manambala amenewo amachokera ku makampani a ku America omwe anawapeza kale chisanafike chaka cha 2002, ndiye munthu wopanga sopo kwina kulikonse akagula imodzi katundu wake amaoneka ngati wa ku America pomwe iyeyo sanakwerepo ndege. Apa ndiye olo funso loti kampani inalembetsa kuti bakhodi yalephera kuyankha, ikuloza kampani ina yomwe mwina inatsekedwa kalekale.

Pali msampha umodzi womwe ndikufuna muudziwe bwino chifukwa umakola anthu ambiri otsatira mindandanda ya m'mafoniyi. Musanawerenge manambala atatu oyambirira, werengani kaye kuti onse alipo angati. Bakhodi ya ku America ndi Canada, ya UPC, ili ndi manambala 12 osati 13, ndipo mndandanda wa mayiko uja unalembedwera ya 13. Kuti ya 12 ilowe mu dongosolo la 13 mumaika 0 kutsogolo. Nayi yachitsanzo:

```
 690123456787
0690123456787
```

Munthu akaona mzere wapamwambawo akuwa kuti 690, China! Koma ndi manambala 12, ndiye kuwerenga kwake koyenera ndi kwa mzere wapansi, ikuyamba ndi 069, ndipo 069 ili mu mulu wa ofesi ya ku America. Kuzisiyanitsa ndi maso n'kosavuta, ya 12 imakhala ndi kanambala kamodzi kunja kumanzere, kena kunja kumanja, pakati magulu awiri a manambala 5. Ya 13 ili ndi kamodzi kunja kumanzere kokha, pakati magulu awiri a 6. Meseji ya 690 ija si ya lero, inafala kwambiri cha mu 2008 nthawi ya nkhani ya mkaka wa ku China womwe unapezeka ndi mankhwala a melamini, ndipo kuyambira pamenepo imangobwerabwera atasintha dziko malinga ndi amene anthu akwiya naye chaka chimenecho, koma sindinaione ikuchenjeza za manambala 12.

Kunena chilungamo meseji ija si yabodza yonse. Mndandanda wa manambalawo nthawi zambiri umakhala wolondola, cholakwika ndi tanthauzo lomwe amaupatsa. Ndipo ndivomere, mukaona bakhodi ya manambala 13 yoyamba ndi 690 mpaka 699, mpata ndi waukulu kuti chinthucho chinapangidwadi ku China, poti makampani olembetsa kumeneko ambiri amapangira konko. Chimodzimodzi kampani yaing'ono yokhala ndi fakitale imodzi kwawo, nambala ndi dziko zimagwirizana. Nchifukwa chake bodzali silifa, munthu akayesa pa zinthu zitatu zinayi m'nyumba mwake zimatheka kugwirizana nde amakhulupirira. Koma mbali inayo nde yofooka kwambiri, kusaona 69 sikukuuzani kalikonse. Pa zamagetsi, zovala, nsapato, zidole, komwe makampani ambiri otchuka amapangitsa kwa ena, kudalira bakhodi n'kungodzinamiza.

Nanga komwe chinthu chapangidwa mungakudziwe bwanji? Mwachita kale chinthu choyenera, mwatembenuza ketulo n'kuwerenga kunsi. Mawu amenewo ndi omwe ali ndi malamulo kumbuyo kwake. Mwachitsanzo ku America lamulo la 1930 la za misonkho ya katundu wolowa limafuna kuti katundu wochokera kunja alembedwe dziko lomwe wachokera, ndipo m'mayiko ambiri kulemba dziko labodza ndi mlandu. A kasitomu nawonso powerengera msonkho sayang'ana bakhodi ayi, amayang'ana zikalata, kuphatikizapo setifiketi yosonyeza komwe katundu wachokera. Akanati azidalira manambala atatu aja bwenzi aliyense akungokalembetsa kampani kudziko la msonkho wotsika.

Koma powerenga mawuwo samalani, olemba mabokosi ndi ochenjera. `Made in` kapena `Product of` ndi omwe akunena za kupanga. `Designed in Germany` akungonena komwe anajambulira pulani. `Distributed by` kapena `Imported by` ndi amene wabweretsa katunduyo kapena akumugawa, adiresi yake si ya fakitale. `Packed in` ndi komwe analongedzera, zamkatizo zitha kuchokera kutali. Kambendera ka dziko pa bokosi kapena dzina lomveka lachijeremani si umboni wa chilichonse. Chizindikiro cha `CE` nachonso anthu amachitenga ngati chikutanthauza kuti chapangidwa ku Ulaya, ayi, ndi kampani ikulengeza kuti katunduyo akukwaniritsa malamulo a chitetezo a msika wa ku Ulaya, ndipo chimapezeka pa katundu wopangidwa kulikonse.

Ngakhale `Made in` yemweyo ali ndi malire ake. Ketulo ija mwina chitsulo chotenthetsa madzi chinachokera dziko lina, kaswitchi kozimitsa madzi akawira kanachokera kwina, pulasitiki kwina. Lamulo lomwe mayiko ambiri amatsatira ndi loti dziko lochokera ndi lomwe kunachitikira ntchito yaikulu yomaliza yomwe inasandutsa zipangizo kukhala chinthu chatsopano. Kungoika m'bokosi kapena kumata lebulo sikuwerengedwa. Nde muone kuti funso loti chapangidwa kuti ndi lovuta moti maloya ndi a kasitomu amakanganirana, silikanatheka kukwana m'manambala atatu omwe kampani inapatsidwa kamodzi zaka zambiri zapitazo isanadziwe n'komwe kuti idzapanga maketulo.

Chosangalatsa n'choti a GS1 ali nayo njira yolembera dziko lochokera, kungoti si pa bakhodi ya pa kauntala ija. Pa makatoni akuluakulu ndi pa katundu ngati nyama pamakhala bakhodi ina yaitali yotchedwa GS1-128, yomwe imanyamula zambiri, ndipo chidutswa chilichonse chimayamba ndi nambala ya m'mabulaketi yonena kuti chotsatirachi nchiyani. (01) ndi nambala ya katundu, (10) ndi nambala ya gulu lomwe linapangidwira limodzi, (17) ndi tsiku lothera ntchito, ndipo (422) ndi dziko lochokera. Katoni ya maketulo athu aja, kampani itafuna, itha kulembedwa chonchi:

```
(01)04012345678901(422)156
```

156 ndi China. Onani kuti sanalembe 690, agwiritsa ntchito mndandanda wina wa manambala a mayiko wa ISO 3166, momwe China ndi 156, Germany ndi 276, Vietnam ndi 704. Mzere umodzi womwewu ukunena kuti nambala inaperekedwa ndi ofesi ya ku Germany ndipo katundu ndi wa ku China, popanda kutsutsana. Manambala oyambirira aja akanakhala kuti amanena kale dziko lochokera, sipakanafunika kupanga (422). Si makampani onse amaika izi, musadabwe mukapanda kuzipeza. Ma QR ndi timabakhodi tamakona anayi tomwe masitolo akukonzekera kuti azitha kuwerenga pa kauntala pofika 2027 titha kunyamulanso zoterezi, koma zidzadalirabe kuti kampani yasankha kuikamo chiyani.

Tibwere ku nkhawa yanu yeniyeni, ya feki. Apa ndikuuzeni mosabisa, bakhodi singakuthandizeni kwambiri mbali zonse ziwiri. Singatsutse katundu ndipo singamuikire umboni. Ndi chithunzi cha mizere, aliyense wokhala ndi printa atha kukopera ya katundu weniweni n'kumata pa wake, ndipo isikanika bwinobwino, apu ya pa foni ionetsa dzina lenileni la kampani, inu n'kumati ndiye kuti ndi orijino. Anthu ena amawerengera nambala yomaliza ija n'kumati ikagwirizana ndiye kuti katundu ndi weniweni. Tiyeni tiiwerengere muone kuti ndi masamu wamba. Tengani manambala 12 oyambirira a chitsanzo chathu, 401234567890. Phatikizani a pa malo oyamba, achitatu, achisanu mpaka kumapeto. Kenako phatikizani a pa malo achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi mpaka kumapeto, zomwe mwapezazo muchulukitse katatu.

```
4+1+3+5+7+9 = 29
(0+2+4+6+8+0) x 3 = 60
29 + 60 = 89
90 - 89 = 1
```

Mumaona kuti pa 89 patsala zingati kuti mufike pa khumi lotsatira, apa ndi 90, yankho 1, nde nambala yomaliza ija. Ntchito yake ndi kugwira sikana ikawerenga molakwika kapena wa pa kauntala akaphonya batani limodzi polemba ndi manja. Pulogalamu iliyonse yopangira mabakhodi imawerengera yokha, wopanga feki savutika nayo olo pang'ono. Ikapanda kugwirizana ndiye zoonadi pali chachilendo, wina anangolemba manambala a m'mutu. Koma ikagwirizana simunadziwe chilichonse chatsopano.

Chomwe mungachite ndi bakhodiyo n'chimodzi, ndipo n'chothandiza ndithu. A GS1 ali ndi tsamba la pa intaneti lofufuzira lotchedwa `Verified by GS1`, mumalemba manambala 13 onse ndipo limakuuzani kampani yomwe ili ndi laisensi ya nambalayo ndi ofesi ya dziko yomwe inapereka, pena ndi dzina la katundu ngati kampani inalowetsa. Yerekezani dzina limenelo ndi lomwe lili pa bokosi. Zikagwirizana, kapena likatuluka dzina la kampani yaikulu yomwe ndi mwini wa dzina la pa bokosilo, zili bwino, kungokumbukira kuti wokopera naye amadutsa mayeso amenewa. Likatuluka dzina la kampani yopanga zinthu zina zosagwirizana n'komwe ndi maketulo, kapena nambala yosapezeka, pamenepo nde muyambe kukayika, ngakhale pena imangokhala kampani yaing'ono yomwe inagula bakhodi kwa ogulitsa a pa intaneti aja. Ma apu ambiri osikanira pa foni musawadalire pa nkhani ya dziko, ambiri amangotenga manambala atatu aja n'kuonetsa mbendera, ena mpaka kulemba kuti ndi dziko lochokera, kufalitsa bodza lomwelo mwaukadaulo.

Pa ketulo yanuyo ine ndikanayang'ana izi. Kalebulo ka kunsi kaja kakhale ndi dzina la kampani, nambala ya mtundu wa ketuloyo, mavoti ndi mawati, ndipo zonsezi zifanane ndi za pa bokosi ndi za m'kabuku ka malangizo. Nambala ya mtunduyo muifufuze pa tsamba la kampaniyo muone ngati ilipodi ndipo chithunzi chake chikufanana ndi chomwe muli nacho, mpaka maonekedwe a chogwirira ndi switchi. Zilembo zolakwika sipelo, lebulo yomatidwa pamwamba pa ina, pulagi yopepuka yogwedera, chingwe chopyapyala chomwe chikutentha madzi asanawire, kusowa kwa kapepala ka galanti, zimenezo nde zizindikiro zoti mude nazo nkhawa. Ndipo chomwe chikanandikayikitsa kwambiri ndi bokosi lolembedwa `Made in Germany` ndi zilembo zikuluzikulu pomwe kunsi kwa ketulo alemba China, chifukwa apo ndi mawu awiri oyankha funso limodzi akutsutsana. Ngati bokosi ndi ketulo zonse zikuti China, ndipo dzina lotuluka pa `Verified by GS1` ndi la kampani yomwe ili pa bokosiyo, ndiye kuti mwagula ketulo ya kampani yolembetsa ku Germany yopangidwa ku China, ngati maketulo ena ambirimbiri a makampani a ku Ulaya.